Za munthu wako wa pa Facebook uja

Mzanga wokondedwa,

Ndamva voisi yako yonse, mphindi zonse zija ukungoseka wekha ukufotokoza za bamboyo. Ndasangalala nawe ndithu, koma zoti ukafika kuchokera ku Joni mu Disembala adzakutenge pa galimoto mupite "kumalo kwa phee" zokhazo ayi, sindikuvomera. Kuno zonse zili bwino, mayi ako ndinawaona ku msika ali bwinobwino.

Choyamba usanakwere n'komwe basi muimbirane vidiyo kolo, osati kamodzi ayi, ndipo nthawi zina uziimba iweyo mwadzidzidzi masana. Akamati kamera inafa, mawa netiweki, mkuja ndili pa miting'i, miyezi yonseyi nkhope yake ikuyenda sunaione, dziwa kuti zithunzi zija mwina ndi za munthu wina. Za dzina pali kanjira kosavuta, lowa ngati ukutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yake, usanaike PIN dzina lomwe analembetsera limatuluka, ndiye ungosiya pomwepo osatumiza. Ngati layini yako ya kuno inafa ndipatse nambalayo ndiyese ine. Dzina likasiyana sikuti ndi wakuba basi, ambiri amagwiritsa layini ya achibale, koma umufunse umve ayankha bwanji, makamaka likatuluka la mzimayi.

Tsopano malo. Usankhe iwe, osati iye. Akuti ndi wogula soya wa ku Santhe eti? Ndiye abwere pa boma pompano, mukumane pa lesitilanti ya m'mphepete mwa M1 kapena pafupi ndi depoti, pomwe pali ma weta, anthu akulowa ndi kutuluka, akabaza ali panja pomwepo. Pa loji ayi, ngakhale anene kuti tikangokhala pa bala yake, chifukwa zipinda zili pompo ndipo munthu ukakuwa kuseri kumeneko amangoti ndi za m'banja. Ku damu kapena ku phiri nakonso ndi kokongola koma ndi kwa zii, kumeneko muzidzapita mutadziwana. Nthawi ikhale ya nkhomaliro, cha m'ma 12 koloko, pofika 3 koloko wanyamuka, dzuwa likadalipo, ma minibasi a ku Mtunthama akuyendabe. Ndipo apa mpomwe umamuonera munthu, wabwino amangoti chabwino ndikupeza pomwepo. Amene akuyamba zoti "sukundikhulupirira kodi," kapena wafika kale iwe iye nkuimba kuti galimoto yavuta bwera kuno ndakutumizira wa njinga yamoto, usapite, idya chipisi chako ubwerere kwanu.

Upite wekha ubwerenso wekha, ndalama ya thiransipoti ndi ya chakudya ikhale yako m'chikwama. Akakulipirira ulendo amayamba kuona ngati uli naye ngongole. Asadziwenso kwanu, ukangomuuza kuti Mtunthama zakwana, zolozera nyumba za pafupi ndi mjigo wakuti zisiye kaye. Naye akayamba kupempha kuti tandithandizako ya mafuta ndidzakubwezera tikakumana, wamva zoti uli ku Joni ameneyo akufuna ma randi.

Ine gawo langa ndi ili. Dzulo lake unditumizire sikilinishoti ya pulofayilo yake, nambala, dzina lonse ndi malo omwe mwagwirizana. Tsikulo foni ikhale yodzadza moto, magetsi akunowa ukuwadziwa ndiye tchajiratu usiku, ndipo ugule bandulo chifukwa chotsatirachi popanda data sichiyenda. Pa WhatsApp lowa pa tchati yathu, dina pomwe umatumizira zithunzi, sankha Location kenako Share live location. Pamabwera 15 minutes, 1 hour ndi 8 hours, iwe utenge 8 hours, ya ola limodzi imatha mukadali pa nsima. Ine ndizikhala ndikuona kadontho kako kali pati. Cha m'ma 1 koloko ndikuimbira, ukati "mankhwala a agogo ndagula" ndiye kuti zili bwino, ukati "mankhwala sindinawapeze" ndikubwera pompo ndi achimwene anga. Ukapanda kuyankha kawiri tikubweranso, ndiye usaike foni pa sailenti chifukwa cha manyazi. Kunena zoona ndikhoza kungokhala pa tebulo lina ndikumwa Fanta, iye sandidziwa.

Chakumwa azitsegula uli kuona, ukapita ku toileti ukabwera usamwenso chotsalacho, itanitsa china. Mowa tsiku limenelo usiye. Ukamva chizungulire kapena tulo tosadziwika bwino uuze weta kapena mayi aliyense ali pafupi nthawi yomweyo, osalola kuti iye akuperekeze panja ukapitidwe mphepo. Zikavuta polisi ndi 997, komanso pa siteshoni ya Kasungu pali Victim Support Unit.

Undiuze tsiku lomwe basi yako ifike ku Lilongwe, ndipo nsapato zija usaiwale, saizi 6.

Ndine mzako wa pa Kasungu.