Za dzina lija la "Mawa"

Mwana wanga,

Kuno ku Katete tadzuka bwino, kaya inu kumeneko ku Kapata. Ndamva kuti mnzako uja mumamutcha "Mawa" ntchito inamuthera, koma dzinalo mukumuitanabe nalo. N'chifukwa chake ndakulembera.

Dzina la chipongwe silichita kukhalirana pansi. Munthu amanena kanthu, wina n'kubwereza, onse n'kuseka, mwini wakenso n'kuseka. Kuseka kwa mwiniko ndiko kumalikhazika. Mnzakoyo mukadya limodzi ankati "ndilipira mawa," ndipo mawa lakelo ankalipiradi. Dzinalo linkakoma chifukwa munkamunamizira kuumira, nonse mukudziwa kuti ndi bodza. Iyenso anali nalo lokubwezera. Ndi mmene chimbuya chathu ndi Abemba chimayendera: iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, mpaka kuthirana ufa pamaliro. Palibe amapsa mtima chifukwa aliyense ali ndi chobweza.

Tsopano taona. Munthu alibe malipiro, mwina ali ndi ngongole ya lendi, ndiye wina akufuula "Mawa!" pakati pa msika. Bodza lija lasanduka zoona, ndipo omva sakudziwa kumene linachokera. Iwo akungomva kuti uyu ndi wosabweza ngongole.

Iye sadzakuuza, mwamuna mnzako amachita manyazi. Uziona wekha. Kale ankabweza pomwepo, lero amangomwetulira n'kuyang'ana pa foni. Amayankha mochedwa, kapena amanyamuka msanga. Choipa kwambiri ndi pamene dzina latuluka m'gulu: ana ang'ono alitola, kapena lamveka pamaso pa apongozi ake. Likafika pamenepo lakhalitsa.

Usamufunse pagulu kuti "kodi limakuwawa?" Adzati "iyayi, palibe kanthu," ndipo mawu amenewo adzakhala chilolezo cha chaka china chathunthu. Usalengezenso kuti dzina latha, chifukwa onse adzadziwa kuti linamubaya, manyazi n'kuwirikiza. Yamba iwe mwakachetechete. Muitane ndi chiwongo chake, kapena ndi dzina la mwana wake woyamba monga timachitira ndi munthu wamkulu. Sintha mmene unamulembera mu foni. Kenako pita kwa amene analiyambitsa, muli awiri, umuuze kuti "lija tilisiye, mnzathu zamuvuta." Woyambitsa akasiya, ena amatsatira. Wina akaiwala n'kulitchula, usamukalipire. Ingokhala osaseka, n'kupitiriza nkhani ndi dzina lenileni.

Koma musaleke kumuseka. Mukayamba kumulemekeza ngati mlendo adzaona kuti mukumumvera chisoni, ndipo chimenecho chimawawa kuposa dzina. Musekeni za timu yake ya mpira, kapena njinga yake yopanda mabuleki ija. Za ndalama zokha muzisiye. Akadzapeza ntchito n'kulidzutsa yekha dzinalo, mulandireni.

Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi ana.

Ndine,
Mayi ako