Lipoti la msonkhano wa omasulira ku Blantyre

Akuluakulu, ndabwerako kumsonkhano kuja munandituma. Za mitengo ndi makasitomala ochedwa kulipira tikakambirana Loweruka ku Katoto, pano ndingolemba chomwe tinakhalitsapo, kamasuliridwe ka uthenga wa tcheyamani mu lipoti la pachaka la kampani.

Mayi amene amatsogolera anatipatsa chiganizo chongopeka cha mchingerezi, tcheyamani akuti bodi yapereka ganizo loti dividendi yomaliza, gawo la phindu lopita kwa eni masheya, ikhale K2 pa sheya, podikira kuti msonkhano waukulu wa eni masheya uvomereze. Ambiri mchipindamo analemba kuti "eni masheya adzalandira K2 pa sheya." Zomveka bwino, zachidule, koma apa kampani mwailonjezetsa zomwe sinalonjeze. Dividendi yomaliza bodi imangopereka ganizo, ovomereza ndi eni masheya, ndiye munthu wa ku Chibavi amene anagula timasheya take ku Malawi Stock Exchange akawerenga "adzalandira" basi wayamba kale kuwerengera fizi ya mwana. Tinagwirizana zoti "bodi yapereka ganizo loti eni masheya alandire K2 pa sheya, ngati msonkhano waukulu uvomereze." Chatalika inde, koma "ngati" ameneyo asadulidwe olo wokonza tsamba adandaule za malo.

Pomwe panavuta ndi pa "tikuyembekeza". Kwathu mawuwa amanyamula zonse, kulakalaka komanso kuona kuti chinthu chichitika, pomwe tcheyamani amazisiyanitsa dala, ndipo nthawi zambiri maloya amakhala adutsamo. Ngati tcheyamani akuwerengera kuchokera pa mafigala lembani "malinga ndi momwe zikuyendera, tikuona kuti phindu likwera." Ngati akungofunira zabwino, "tili ndi chiyembekezo." Akati zitha kutero osalemba "lidzakwera", lembani "lingathe kukwera." Bambo wina amati tizingoika "mwina" paliponse, ine ndinakana, "mwina" akachuluka tcheyamani amamveka ngati sakuidziwa kampani yake. "Mulungu akalola" nayenso ayi, sananene zimenezo.

Za kamvekedwe tinayesa ndime yonena za kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tcheyamani mofatsa akuti chinali chaka chovuta, wina kumasulira kuti "zinthu zinafika pa mwana wakana phala." Tinaseka, komatu pamenepo wawonjezera mantha omwe mwini wake sanaikemo. Ena amalakwira mbali inayo, phindu latsika iwo nkulemba "silinakwere kwenikweni" kuti abwana asachite manyazi.

Njira yodzigwira ndi iyi, musanayambe dulani mzere pansi pa mawu onse okayikira ndi oika malire mchingerezimo, mukamaliza onani ngati aliyense ali ndi mnzake mchichewa. Kenako mnzanu amene sanaone choyambacho abweze mchingerezi, pomwe "zingathe" pabwerera ngati lonjezo ndi pomwe pathawa kanthu. Omasulira Chitumbuka, izi zikukukhudzaninso. Loweruka aliyense abwere ndi uthenga umodzi wa tcheyamani, malipoti ambiri ali pa intaneti, tidzayesere limodzi.