Tizilemba zomwe banki yalonjeza pafoni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene amaimbira foni ku banki podandaula za ndalama zodulidwa molakwika. Tikamva kuti zokambiranazo zikujambulidwa mtima umakhala pansi, koma mawu ojambulidwawo amatsala m'manja mwa banki, pomwe kasitomala amangodalira zomwe akukumbukira. N'chifukwa chake ndikuti foni isanazizire, munthu azilemba mwachidule zomwe zakambidwa.

Tiyerekeze kuti mwagula katundu wa K85,000 m'sitolo ina ku Old Town, makina a khadi akana, mwalipira ndi ndalama zapamanja, koma uthenga wapafoni ukusonyeza kuti ndalamazo zachoka mu akaunti. Pamwamba pa pepala lembani tsiku, nthawi yomwe munaimba, nambala yomwe munaimbira ndi dzina la amene anakuyankhani, chifukwa izi ndi zomwe zimathandiza banki kupeza mawu ojambulidwa aja pakabuka mkangano.

Kenako pali manambala awiri omwe ambiri amawasokoneza. Yoyamba ndi ya malipiro omwe mukuwakanawo, yomwe imapezeka pa lisiti kapena pa sitetimenti. Yachiwiri ndi ya dandaulo lanu, yomwe banki imapereka ikalandira nkhaniyo. Ngati simunapatsidwe yachiwiriyi, ifunseni, pakuti popanda iyo mukadzaimbanso mudzayamba kufotokoza pachiyambi ngati mlendo. Iwerengeni mokweza, chilembo chimodzichimodzi, kuti wa ku bankiyo avomereze.

Pomwe pamafunika kusamala kwambiri ndi pa lonjezo. Kunena kuti afufuza ndi kunena kuti abweza ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana, choncho lembani mawu enieni omwe ananenedwa, osati omwe mumafuna kumva. Akati masiku asanu ogwira ntchito, funsani ngati akuwerenga kuyambira tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mukaimba Lachisanu ndipo kuwerenga kukayamba Lolemba, tsiku lomaliza ndi Lachisanu la sabata yotsatira. Pakakhala tchuthi pakati, monga cha pa 6 Julaye, limasunthira Lolemba linalo. Tchulani detiyo pafonipo kuti nayo ijambulidwe, ndipo mufunsenso ngati abweza K85,000 yokha kapena pamodzi ndi ndalama zina zomwe anadula pa malipiro omwewo. Nambala yachinsinsi ya khadi isalembedwe pa pepalali, ngakhale kutchulidwa pafoni.

Zomwe mwalembazo zitumizeni ku banki pa imelo, kapena kazisiyeni ku nthambi yanu ndipo akudindireni kope lanu. Tsiku lija likadutsa ndalama zisanabwere, kumbutsani banki polemba kalata yotchula manambala onse awiri. Ikapanda kukuthandizani, dandaulo mungalipititse ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki ndipo likulu lake lili ku City Centre konkuno.

Pempho langa kwa mabanki ndi loti azitumiza nambala ya dandaulo ndi tsiku lobwezera ndalama pa uthenga wapafoni, kuti ngakhale amene kulemba kumawavuta akhale ndi umboni.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe