Lipoti la msonkhano wa ku Tete wokhudza sitiroko

A Tcheyamani, amfumu athu ndi mamembala nonse a komiti ya zaumoyo kuno ku Angoniya, ndabwerako ku Tete kumene munandituma. Ndalama ya ulendo inathera pa galimoto, malo ogona ndi chakudya, ndipo malisiti ali kwa a msungichuma kuti amene akunong'ona akaone okha. Tsiku loyamba linali la malonje ndi mafomu. Zimene ndabwera nazo zenizeni ndi za dokotala amene anatiphunzitsa za sitiroko.

Anatipatsa chitsanzo cha mayi wa zaka 58 amene ali ku dimba la mbatata ya kachewere. Cha m'ma 6 koloko m'mawa khasu likumupulumuka m'dzanja lamanja, ndipo akati aitane mwana mawu akutuluka ngati a munthu amene wamwa kachasu. Dokotala anati musafunse zambiri. Muuzeni amwetulire, muone ngati mlomo wagwera mbali imodzi. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati dzanja lina likutsika lokha. Muuzeni atchule dzina la mudzi wake, mumve ngati lilime likulemera. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikaoneka mwadzidzidzi, ulendo wa kuchipatala wayamba.

Chimene chachitika n'chakuti mtsempha wa mu ubongo watsekeka ndi magazi oundana, kapena waphulika. Mbali ya ubongo imene magazi sakufikako imayamba kufa, ndipo mtsempha waukulu ukatsekeka maselo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse. Mankhwala osungunula magazi oundanawo alipo, koma amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka, komanso atayamba amuunika mutu ndi makina kuti atsimikize kuti mtsempha sunaphulike. Kwa mayi uja, ndiye kuti nthawi ikutha 10:30. N'chifukwa chake wopita naye azidziwa ola limene anamuona komaliza ali bwinobwino. Ngati wadzuka ali choncho, amawerengera kuyambira pamene anagona.

Apa ine ndinaimika dzanja. Ndinati a dokotala, kuchokera ku Domwe kufika ku Ulongwe, kenako kutsika mpaka ku Tete, maola anuwo sakwana, ndiye tithamangirenji? Anavomera kuti si chipatala chilichonse chimene chili ndi mankhwalawo, koma anati ngakhale chipatala chapafupi chili ndi zochita. Amabaya chala kuyeza shuga, chifukwa shuga akatsika kwambiri amaonetsa zizindikiro zomwezi, ndipo zimenezo zimachira pompo. Amayang'anira kuthamanga kwa magazi ndi kupuma. Amayesanso ngati munthu akutha kumeza.

Za kumezazi n'zimene zinandikhudza kwambiri, chifukwa kwathu kuno munthu akagwa timathamangira madzi ndi phala. Pakhosi pa wodwala sitiroko nthawi zambiri pamakhala pafooka, phala limalowera kumapapo, ndipo patapita masiku ochepa chibayo chimamutenga. Musamupatse kanthu pakamwa. Mugonekeni chammbali, mumasule zovala zothina. Asipirini musamupatse, chifukwa ngati mtsempha waphulika ndiye mwawonjezera kukha magazi. Ngakhale mapiritsi a bipii a mnzake musamumwetse.

Anatichenjezanso za munthu amene mlomo wapindika kenako n'kuwongoka patapita mphindi khumi. Ameneyo timati wachira, koma ndi chenjezo, ndipo sitiroko yaikulu imatha kutsatira, makamaka m'masiku awiri oyambirira. Apite tsiku lomwelo.

Msonkhano unagwirizana kuti komiti iliyonse imate zikwangwani m'misika. Ine sindinakhutire nazo. Zalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo agogo amene amakhala ndi odwala pakhomo saziwerenga. Bola tiziyeserera zizindikiro zitatuzi ku tchalitchi ndi pa misonkhano ya amfumu, anthu aone ndi maso. Asing'anga tiwaitanenso, chifukwa munthu akauma mbali imodzi abale amati wamuponyera, n'kutaya tsiku lonse akumutema mphini.

Koma ngakhale mudzi wonse udziwe zizindikiro, usiku munthu tidzamunyamula ndi chiyani? Chaka chatha tinasonkha ndalama ya mafuta a matenda adzidzidzi, ndipo mpaka lero palibe wafotokoza kumene inalowera. Malume anga atagwa, tinazungulira nyumba zinayi kupempha njinga yamoto, ndipo tinanyamuka dzuwa litatuluka. Munthu wofa mbali imodzi sakhala yekha pa njinga, pamafunika wina womugwira kumbuyo, ndiye mtengo umakwera. Ine pempho langa n'lakuti Loweruka likudzali kaundula wa ndalama ija abwere pa gome, tisankhe madalaivala awiri amene adzavomera kudzutsidwa usiku n'kulipidwa pambuyo, ndipo manambala awo akhale kwa amfumu a mudzi uliwonse.

Zina zinali za mchere, fodya ndi kuyezetsa bipii kuti isapitirire 140 pa 90. Zimenezo zili pa mapepala amene ndasiya kwa a sekilitale.