Mtsinje wa Songwe ukasuntha, munda umakhala wa dziko liti?

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze nkhani ya mtsinje wa Songwe, umene ndi malire a Malawi ndi Tanzania, chifukwa chaka chilichonse madzi akasefukira ku Karonga timangokamba za nyumba zogwa, osakambako za minda imene yapezeka kutsidya.

Malirewa anachokera m'pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene linati malire atsate Songwe kuyambira pamene amathira m'nyanja kupita kumtunda. Atsamunda ankakonda mitsinje chifukwa imaoneka ndi maso ndiponso siifuna ndalama zoikira zipilala. Kumapiri a ku Chitipa nzeruyi inagwira ntchito, popeza kumeneko mtsinje umayenda mopanikizidwa ndi zitunda. Vuto lili kuchigwa, pakati pa Karonga ndi Kyela wa ku Tanzania, kumene nthaka ndi yofewa ndipo mtsinje umayenda mokhotakhota.

Malamulo a pakati pa mayiko amasiyanitsa kusuntha kwa mitundu iwiri. Ngati madzi akukokolola gombe limodzi pang'onopang'ono n'kumaunjika dothi kugombe linalo, malire amasuntha pamodzi ndi mtsinje, ndipo amene gombe lake ladyeka waluza basi. Koma ngati mtsinje wadula njira yatsopano mwadzidzidzi, malire amatsala m'khwawa lakale ngakhale litauma.

Tiyerekeze mlimi wa mbali ya Malawi amene munda wake wa mpunga uli m'kati mwa khona la mtsinje, madzi atauzungulira mbali zitatu. Usiku umodzi wa mvula yamphamvu madzi aboola pakhosi pa khonalo n'kuyenda mowongoka, ndipo kukacha munda uja uli kutsidya. Potsata lamulo lachiwirili mundawo ukadali m'Malawi, koma kuti akaulime ayenera kuwoloka pabwato n'kukafika pamalo amene anansi ake atsopano akuona kuti ndi kwawo. Pakapita zaka, khwawa lakale limadzaza matope n'kumera bango, ena n'kulimamo, moti umboni wa pamene panali malire umangotsala m'mitu ya akuluakulu, amenenso amakumbukira mosiyana malinga ndi tsidya limene akukhala.

America ndi Mexico anakangana pafupifupi zaka 100 chifukwa cha malo a Chamizal mtsinje wa Rio Grande utasuntha, mpaka anagwirizana mu 1963 n'kuwakira mtsinjewo ngalande ya simenti. Ifenso tili ndi bungwe la Malawi ndi Tanzania loyang'anira chigwa cha Songwe, ndipo dongosolo lake ndi lomanga damu loti lichepetse kusefukira kwa madzi komanso lipange magetsi. Damu ndi ntchito yofuna ndalama zambiri ndi nthawi yaitali. Pamene tikudikira, ndikupempha kuti akatswiri oyeza malo a mayiko onse awiri aziyendera chigwachi limodzi mvula ikangotha, alembe malo amene mtsinje wadula, aike zipilala m'khwawa lakale lisanakwiririke, ndipo mafumu a mbali zonse apatsidwe mapu ofanana.

Ine wowerenga wanu,
Karonga