Achimwene ali ku Joni, poloti yawo tiiyendetse bwanji mwalamulo?

Zikomo Alangizi,

Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ali ndi poloti ya lizi ya zaka 99 kuno ku Lilongwe. Akufuna kuti ine ndi alongo athu tizilipira lendi ya nthaka ku Unduna wa za Malo, tiziyang'anira amisiri ndi kusainirana ndi ochita lendi nyumba ikatha. Zogulitsa kapena kuchititsa chikole malowo kubanki akana kwamtuwagalu.

Njira yake ndi chikalata chopatsa munthu mphamvu zoimira mnzake. Loya wa kuno amachilemba, n'kuikamo nambala ya malo monga ilili pa chikalata cha umwini, maina athu monga alili pa ziphaso, ndi ntchito zomwe taloledwa. Achimwene asaine konko pamaso pa loya wovomerezeka kutsimikizira zikalata, ndipo chidindidwe chidindo cha apositili, chotsimikizira chikalata kuti chivomerezeke kudziko lina, kukhoti lalikulu la konko, poti Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano lovomerezana chidindocho. Kenako chikalata chenichenicho, osati chithunzi cha pa WhatsApp, chibwere kuno chidzalembetsedwe ku ofesi ya kaundula wa malo.

Pomwe pandivuta m'pamawu. Zikalata zambiri zotere zimalembedwa kuti woimirayo "achite chilichonse chokhudza malowo", ndipo ndi mawu amenewo munthu angathe kusaina zosintha umwini mwini wake osadziwa. Ine ndikuona kuti chikalata chotere m'choopsa ngakhale pachibale, chifukwa wogula akalipira n'kulembetsa dzina lake mosadziwa za chinyengo, kulanditsa malowo kumafuna mlandu wautali. Kodi kungotchula ntchito zitatu zija n'kokwanira, kapena tilembenso mwachindunji kuti kugulitsa ndi chikole n'zoletsedwa? Nanga tikawonjezera mawu athu pa fomu yomwe lamulo la malo olembetsedwa linakhazikitsa, a kaundula sadzatibwezera? Chikabwezedwa ndiye kuti ndalama za loya, za chidindo ndi zotumizira tiyambirenso.

China n'chakuti achimwene akufuna kuti pasakhale wosaina yekha. Tilembe motani kuti siginecha ya mmodzi isagwire ntchito popanda ya mnzake? Nanga mmodzi wa ife akadwala kapena kuchokapo, ntchito sidzaima?

Chomaliza ndi tsiku lomwe adzafune kutilanda mphamvuzi. Kutiuza pafoni sikufufuta zomwe zili m'kaundula, ndipo munthu wosadziwa angapitirize kukhulupirira chikalata chakalecho. Kodi chidziwitso chothetsa mphamvu nachonso chiyenera kusainidwa ku Joni ndi kudindidwa apositili chisanapite ku kaundula? Kapena n'kwabwino kuikiratu tsiku lothera, monga pakatha zaka 2, kuti chizingotha chokha?

Achimwene akufuna kukaonana ndi loya kumapeto a mwezi uno akalandira malipiro, choncho chonde tithandizeni msanga.

Ine wanu,
Mlongo wodera nkhawa,
Lilongwe