Ndapeza invoisi ya 48,500 ikubwerabwera, ndiuze ndani?

Moni Alangizi,

Chonde musatchule dzina langa kapena la kampani chifukwa nkhaniyi ikanali yaiwisi. Ine ndimalemba mabuku a ndalama pakampani ina yapakatikati, ntchito yanga ndi kulowetsa ma invoisi mukompyuta, kukonza ma vawucha olipilira, komanso mwezi ukatha kufananiza mabuku athu ndi sitetimenti ya kubanki. Sindisayina zolipira, ine ndimangokonza, osayina ndi abwana.

Pakampani pathu lamulo lake ndi lakuti invoisi ikakhala yochepera 50,000 a manijala a za chuma amasayina okha basi ndalama nkutuluka, koma ikafika 50,000 kupita mtsogolo pamafunika siginecha yachiwiri ya adayilekita komanso makoteshoni atatu. Ndiye mwezi watha akuluakulu anati ndalama zokonzetsera zipangizo za muofesi zikukwera bwanji chonsecho sitinagule makina atsopano, ndipo anandipempha ndiwatulutsire zonse za zaka ziwiri. Ndinazikopera mu Excel nkuzisanja potengera kuchuluka kwa ndalama osati madeti ngati mmene timachitira masiku onse, ndiye pamenepo ndi pomwe ndinaona 48,500 yandandalika mizere yambirimbiri motsatizana. Ndinaika ka fomula aka pambali kuti kandiwerengere nambala iliyonse yabwera kangati:

```
=COUNTIF(D:D,D2)
```

Zina zonse zimaonetsa 1 kapena 2, iyi inaonetsa 31. Ndipo zonse 31 sapulaya wake ndi mmodzi, amati amasevisa ma pulinta.

Poyamba sindinatekeseke ayi, chifukwa ndalama yofanana kubwera mwezi ndi mwezi si chachilendo, lendi imatero, alonda amatero, intaneti nayo chimodzimodzi. Koma zimenezo zimakhala ndi kontilakiti mufayilo yonena kuti tizilipira zakuti tsiku lakuti. Ndinasakasaka kontilakiti ya ameneyu osaipeza, mmalo mwake ndinapeza ya kampani ina yeniyeni imene imatisevisira ma pulinta omwewo, anyamata ake timawaona ndi maso akubwera ndi zikwama zawo, amasiya jobu khadi yosayinidwa ndi amene wakonzeredwa makina, ndipo ma invoisi awo amasinthasintha malinga ndi zomwe asintha mkati, pena yochepa pena yambiri. Uyu wa 48,500 alibe jobu khadi ngakhale imodzi, alibe oda yochokera kwa ife, ndipo mubuku la alendo la pageti dzina lake mulibe. Ndazindikira tsopano chifukwa chake anasankha sevisi osati katundu. Katundu amafuna dilivale noti komanso wa kositolo asayine kuti walandira, pomwe sevisi palibe chimene ungakachiwerenge pashelefu.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi manambala a ma invoisi akewo. Yoyamba ndi 0012, yomaliza 0042, osadumpha olo imodzi pa miyezi 20. Ndiye kuti munthu ameneyu chiyambireni kutipatsa ma invoisi alibe kasitomala wina aliyense koma ife tokha, bizinesi yanji imeneyo? Sapulaya weniweni akatipatsa 0012 lero, mwezi wamawa amabwera ndi 0050 kapena kuposa chifukwa pakatipo wagulitsa kwa anthu ena. Komanso kabweredwe kake kanasintha, miyezi 9 yoyamba imabwera kamodzi pamwezi, kenako ataona kuti palibe akufunsa inayamba kubwera kawiri, miyezi 11 tsopano. Mukawerengera 31 kuchulukitsa ndi 48,500 zikukwana 1,503,500. Invoisi imodzi payokha ndi ndalama yoti munthu sangaicheukire nkomwe, ndipo ma odita chaka chatha sanaione chifukwa iwo amangotapa ma invoisi ochepa nkuyang'ana makamaka akuluakulu.

Ndinapitiriza mwakachetechete. Pa invoisi palibe nambala ya msonkho, adilesi ndi bokosi la kupositi basi, nambala ya foni ndinaimba ndi foni ya mnzanga siikupezeka. Kenako ndinatenga nambala ya akaunti ya kubanki imene timatumizako ndalamazo nkuifufuza mu ndandanda wa malipiro a antchito, ndipo inapezeka. Ndi akaunti ya mesenjala wathu, mnyamata wofatsa amene sadziwa ngakhale kutsegula sisitimu yathu, ndiye sangakhale iyeyo analembetsa sapulayayu mukompyuta. Sisitimu imasunga dzina la amene walowetsa sapulaya watsopano, ndinayang'ana, ndi a manijala a za chuma. Ma vawucha onse 31 siginecha ndi yawo. Ndipo ofesi yonse imadziwa kuti mnyamatayu ntchito anamupezera ndi iwowo.

Apa ndi pomwe pagona vuto langa Alangizi. Malamulo athu amati ukaona zokayikitsa ukanene kwa bwana wako, koma bwana wanga ndi yemweyo. Pamwamba pawo pali adayilekita, amene ndi mnzawo wa kalekale, anayamba limodzi kampaniyi ili kachipinda kamodzi, moti sindikudziwa ngati ndikapita kumeneko andimvera kapena angowaimbira foni ine ndisanatuluke nkomwe muofesi. Mwinanso akudziwa kale, ndani angadziwe. Komanso ma invoisi aposachedwapa analowetsedwa ndi dzina langa chifukwa ndiyo ntchito yanga, amabwera patebulo panga atasayinidwa kale, ndiye ndikuopa kuti zikavuta anthu akuluakulu apeza potulukira, otsala ndikhala ine ndi mesenjala uja. Iyeyo mwina amangouzidwa kuti katape ndalama zalowa muakaunti mwako undipatse, nkumupatsa kangachepe, sindikuti ndi wosalakwa koma si iye mwini filimu.

Amuna anga akuti ndingotseka pakamwa ndiziyang'ana ntchito ina, akuti ndalama si zanga ndipo ana akufuna fizi. Ndikuwamvetsa, koma poti ndadziwa tsopano, invoisi ina ikabwera ine nkuilowetsa ndiye kuti ndalowa nawo mukubako, sindingadzanenenso kuti sindimadziwa. Mnzanga wina wa ntchito ngati yangayi akuti ndijambule mapepala onse ndikasunge kunyumba, koma ndinasayinira kuti zinsinsi za kampani sindidzatulutsa, ndipo ndandanda wa malipiro uli ndi zinthu za anthu ena osakhudzidwa, ndikuopa kuti angadzagwiritse chomwecho pondichotsa ntchito. Pakadali pano ndangolemba mukabuku kanga manambala a ma vawucha, madeti ake ndi fayilo imene ali, kuti wina akawasowetsa padzaoneke mpata poti ma vawucha athu amatsatana manambala. Mesenjala sindinamufunse kanthu, ndikudziwa kuti tsiku lomwelo nkhani ifika kwa abwana ndipo mapepala ayamba kuyenda.

Ndiye ndithandizeni. Kodi ndipite kwa adayilekita ndi kalata yolemba kuti pakhale umboni woti ndinanena, kapena ndilembere ma odita akunja mwachindunji ngakhale kuti sanayambe ntchito ya chaka chino? Ndikapereka lipoti limene anandipemphalo, ndingoonetsa manambala mmene alili iwo adzionere okha, kapena nditchule zoti akauntiyo ndi ya wantchito wathu? Nanga kuonana ndi loya ndisanalankhule ndi aliyense kungandithandize kuteteza ntchito yanga? Lipotilo akulifuna sabata yamawa, ndipo potengera kabweredwe kake 0043 ifika patebulo panga tisanafike kumeneko, sindikudziwa kuti ndidzakane bwanji kuilowetsa popanda abwana kuzindikira kuti ndatulukira.

Ine wanu,
Mayi wa ku akaunti